Ndabwereka kalalimita: ndisankhe D65 kapena D50, nanga kuwala ndiike pa zingati?

Wazithunzi_Ndirande
Akuluakulu ndithandizeni, nthawi yandithera. Ndimajambula maukwati ndi zinkhoswe. Mwezi watha ndinakatsukitsa zithunzi 60 za alubamu ya kasitomala, ndipo nditatsegula envulopu thupi linazizira. Pa monita yanga nkhope zinali zowala bwinobwino, suti ya mkwati ikuoneka mpaka ulusi wake. Papepala suti ija yangokhala chimdima chimodzi, nkhope za aperekezi ngati ndinawajambula madzulo dzuwa litalowa. Kulabu akuti iwo amangotulutsa zomwe ndawapatsa. Ndabwezera ndalama yanga kutsukitsanso kachiwiri, zasintha pang'ono chabe.

Mnzanga wandibwereka kalalimita ya i1Display Pro, kachipangizo koyezera kuwala ndi mitundu ya monita, akuifuna Lamulungu. Ndaika pulogalamu ya DisplayCAL, koma ikundifunsa Whitepoint, White level ndi Tone curve. Ena akuti D65, ena D50. Kuwala ena akuti 80, ena 120, ena 160. Monita ndi ya mainchesi 24, ya IPS, yaofesi wamba. Ndisankhe ziti?

Kamwendo99
Vuto ndi labu imeneyo aise. Sintha labu basi.

Wazithunzi_Ndirande
Kachiwiri kaja ndinapita kwina. Mdima wake ndi womwewo.

Madala_Dakirumu
Malabu awiri sanganame bodza limodzi. Achimwene, musanasankhe nambala iliyonse, yambani mwayeza monitayo mmene ilili panopa. Musagwire batani lililonse. Iyatseni ikhale mphindi 30, pukutani sikirini, ipendekereni m'mbuyo pang'ono kuti kachipangizoko kagone bwino pagalasi, kenako mu DisplayCAL pitani pa Tools, Report, Report on uncalibrated display device. Mutiuze manambala awiri: White level ndi kutentha kwa zoyera, uku kumalembedwa ndi K kumapetoku. Ndiponso mutiuze kuti mumakonza zithunzi nthawi yanji, m'chipinda chowala bwanji.

Wazithunzi_Ndirande
Ndayeza madala. White level yatuluka 284 cd/m², zoyera zili pa 7300K. Brightness ya pamonita ili pa 100, sindinaigwirepo chigulireni. Ndimakonza usiku kwambiri, ana akagona, ndi babu limodzi la kudenga kumbuyo kwanga.

Madala_Dakirumu
Wakuba uja ndi ameneyo, tamugwira. Makandela 284 m'chipinda cha babu limodzi ndi tochi yoyang'ana kumaso. Chithunzi chilichonse chimaoneka chowala pamenepo, ngakhale chimene kamera inachijambula chakuda. Ndiye inu mukachiona mumati chili bwino, mwinanso mumachitsitsako kuti diresi la mkwatibwi lisathobwe m'maso. Koma mufailo mulibe kuwala kumeneko, kuwalako ndi kwa nyali za kuseri kwa sikirini. Pepala lilibe nyali. Limangobweza kuwala komwe lagwidwa nako, choncho limakuuzani zoona za failo yanu.

Taonani kutalika kwa mtunda wake. Kuchoka pa makandela 100 kufika pa 284 ndi pafupifupi sitopu imodzi ndi theka. Maso amazolowera, ndiye si kuti zithunzi zanu zonse zatsika ndi sitopu ndi theka ndendende, koma mithunzi ndi imene imapweteka kwambiri. Suti yakuda imene pa 284 mumaionera ulusi, pa 100 mudzapeza kuti ulusiwo kunalibe.

Kuti muyambirepo: Whitepoint 6500K, yomwe ndi D65 ija, White level 120, Tone curve Gamma 2.2. Ndati kuyambirapo. 120 ija mwina tidzaitsitsa, tikamva za chipinda chanucho.

Chosindikiza_LL
Pepani madala, apa ndikutsutsani. Munthuyu akufuna zithunzi za papepala, ndiye D50 basi. Ine ndimagwira ntchito kosindikiza mabuku ndi makalendala, ndipo zathu zonse ndi D50. Muyezo wa ISO 3664 woonera zosindikizidwa umanena nyali ya D50. Mapulofailo onse a ICC amalumikizana pa D50. Kuwala kukhale 160. D65 ndi ya anthu oika zithunzi pa Facebook.

Kamwendo99
Hahaha ndewu yayamba.

Madala_Dakirumu
Si ndewu, achimwene a Chosindikiza anena zoona za kuntchito kwawo. Funso ndi lakuti kodi pa desiki ya mnzathuyu pali chimene chili pa desiki yanu? Inu muli ndi bokosi loonera lija la nyali za D50 pambali pa monita. Mukaika pepala m'bokosimo n'kuyang'ana sikirini, maso anu azolowera kale zoyera za D50, ndiye monita ya D50 imagwirizana nalo. Ndipo 160 ija sinagwe kumwamba. ISO 3664 yomweyo ili ndi mlingo wa malakisi 500, ndiye kuti kuwala kogwera papepala, poyerekeza pepala ndi mmene anthu adzalionere. Pepala loyera logwidwa ndi malakisi 500 limabweza pafupifupi 500 kugawa ndi 3.14, zomwe ndi makandela 159. Ndiye 160 ndi mnzake wa bokosilo.

Mnzathu wa ku Ndirandeyu bokosi alibe. Ali ndi babu la kudenga. Mukamuikira D50 adzaona sikirini yachikasu ngati pepala la nyuzi yakale, ndipo dzanja lake lidzathamangira kuziziritsa zithunzi kuti diresi liyere. Zikatsukidwa, nkhope zidzabwera zotuwa. Mukamuikira 160 usiku, mdima uja ubweranso, wochepako chabe.

Palinso china. Monita yake yachibadwa ili pa 7300K. Kuikokera ku 5000K ya D50 ndiye kuti buluu atsitsidwe kwambiri, ndipo monita yaofesi ikafinyidwa choncho imataya kusiyana kwa zoyera ndi zakuda, nthawi zina mitambo imayamba kuoneka mizeremizere. Ku 6500K ulendo wake ndi waufupi. Komanso mafailo amene amatumiza kulabu ndi a sRGB, ndipo zoyera za sRGB ndi D65.

Chosindikiza_LL
Za bokosi ndavomera. Koma D65 ikaikidwa pafupi ndi pepala imaoneka yabuluu, musakane. Ine kunyumba, kumene kulibe bokosi, ndinaika 5800K ndipo ndi pamene pepala ndi sikirini zimamvana.

Madala_Dakirumu
Sindikana, ndipo 5800K alipo ambiri amene amaikonda. Zimadalira pepala ndi nyali. Mapepala ambiri a zithunzi ali ndi mankhwala oyeretsa amene amawapangitsa kupendekera ku buluu akakhala pa kuwala kwa dzuwa, ndiye pafupi ndi zenera D65 siikhala patali. Pansi pa babu lachikasu ngakhale 5800K idzaoneka yabuluu. Koma tisasokoneze odwala. Matenda a mnzathuyu ndi kuwala. Zoyerazi tikhoza kukangana mpaka Khirisimasi, alubamu yake ikadali yakuda.

Diso_Langa
Ine zaka 12 ndikujambula, kalalimita sindinaigwirepo, makasitomala sadandaula. Ndinatsukitsa chithunzi chimodzi, ndinachiimika pambali pa monita, n'kumatsitsa Brightness mpaka zinafanana. Ndalama ya kachipangizoko ndi bwino kugulira lenzi.

NaPhiri_Joni
A Diso, kuwala mungathe kuyeza ndi maso, koma mtundu ayi. Ine ndinakhala chaka chathunthu ndi laputopu yopendekera ku girini osadziwa. Maso amazolowera msanga. Tsiku lomwe ndinaikalibuleta ndinaona ngati sikirini yasanduka pinki, ndinatsala pang'ono kufufuta pulofailo. M'mawa mwake zoyera zinali zoyera. Nditatsegula zithunzi zakale ndinachita manyazi, ana a sukulu onse aja ndinawapaka ufiira pofuna kuthamangitsa girini amene anali wa sikirini yanga, osati wa mufailo.

Diso_Langa
Mwina maso anu achemwali. Anga ali bwino.

NaPhiri_Joni
Aliyense amatero mpaka tsiku loyeza.

Pengwini_Zomba
A Diso sakunamiratu pa za kuwala. Amene alibe kalalimita angathe kuyeza ndi kamera yomwe. Tsegulani tsamba loyera lodzaza sikirini, kamera muiike pa A kapena Av, ISO 100, f/4, osawonjezera kapena kuchotsa ekisipozha, ndipo zoyerazo zidzaze felemu yonse. Kamera ikanena 1/60, muli pafupi ndi makandela 120. Ikanena 1/50, pafupi ndi 100. Ikanena 1/125, muli cha ku 250, tsitsani. Masamu ake ndi awa:

```
L = 12.5 × N² / (t × ISO)
12.5 × 16 × 60 / 100 = 120
```

Si zenizeni mpaka pa kadontho, mamita a makamera amasiyanako pang'ono, koma zimakuchotsani kutchire. Za zoyera ndi gama ndiye kamera singakuthandizeni.

Wazithunzi_Ndirande
Ndayesa pongofuna kuona. Kamera yanena 1/125, nthawi zina ikudumphira pa 1/160. Ndiye zikugwirizana ndi 284 ija. Tsono madala, ndikadina Calibrate & profile pakubwera kabokosi ka mizere itatu, yofiira, yagirini ndi yabuluu, ndi wina wa kuwala pansi. Nditani pamenepo?

Madala_Dakirumu
Musanafike pamenepo konzani zinthu zingapo, apo ayi muyeza mphepo.

Pamonita, bwezerani zonse mmene inabwerera kufakitale, kenako zimitsani chilichonse chimene chimasintha kuwala chokha. Mayina ake amasiyana, Dynamic Contrast, Eco, Low Blue Light, zonsezo zife. Mu Windows zimitsani Night light ndi HDR. Pa mitundu sankhani Custom kapena User, chifukwa ndi pokhapo pamene imakulolani kugwira R, G ndi B payekhapayekha. Contrast musaigwire, isiyeni pomwe inabwerera.

Mu DisplayCAL muli malo olembedwa Correction. Awa anthu ambiri amawadumpha. Kalalimita imaona kuwala kudzera m'timagalasi tosefa mitundu, ndipo imafunika kuuzidwa mtundu wa nyali zimene zili kuseri kwa sikirini. Monita yaofesi ngati yanuyo, imene imangokwana sRGB, kawirikawiri ndi LCD White LED family. Zija zamitundu yambiri zimene amalemba kuti P3 zimafuna ina, zambiri mwa izo PFS Phosphor. Mukasankha yolakwika, pulogalamu idzakuuzani kuti mwafika pa 6500K pomwe muli kwina, ndipo lipoti lidzakuyamikirani, chifukwa woyeza ndi wotsimikizira ndi yemweyo.

Tsono pa kabokosi kaja. Yambani ndi Brightness, itsitseni mpaka muyandikire 120. Kenako mitundu. Cholinga n'chakuti mizere itatu ija ithere pa kachizindikiro ka pakati. Lamulo langa ndi kutsitsa chabe, osakweza kupitirira pomwe inabwerera, chifukwa pa mamonita ambiri mukakweza, zoyera zowala kwambiri zimaphwanyika n'kukhala chinthu chimodzi, ndipo diresi la ukwati limakhala m'dera lomwelo. Yanu ili pa 7300K, ndiye buluu ndi amene atsike kwambiri, girini pang'ono, ofiira mwina osamugwira. Mukasuntha kamodzi dikirani masekondi angapo nambala ikhazikike. Menyu ya monita isakhale pansi pa kachipangizoko. Mukamaliza mitundu mudzapeza kuti kuwala kwatsika, bwererani pa Brightness mukonzenso. Zikakhala bwino dinani Stop measurement, kenako Continue on to calibration, muzimitse nyali yowalira pasikirini, mupite mukamwe tiyi.

Chifukwa chovutikira ndi mabatani a monita n'chakuti chilichonse chimene simunakonze kumeneko, pulogalamu idzachikonza pa khadi la zithunzi la mukompyuta, podula masitepe ena mwa 256 amene mtundu uliwonse uli nawo. Kudula pang'ono sikuoneka. Kudula kwambiri ndi kumene kumabala mizere m'mitambo.

Foni_Yokha
Moni nonse. Ine zithunzi ndikatumiza pa WhatsApp zimafika zosaoneka bwino, ngati zafufutika. Kachipangizo kameneka kangathandize?

Kamwendo99
Ayi aise, ameneyo ndi WhatsApp amafinya. Tumiza ngati Document.

Foni_Yokha
Zikomo. Nanga pa TV ya kunyumba kamagwira? Mpira umaoneka wagirini kwambiri.

Kamwendo99
Udzu ndi wagirini kale, ukufuna ukhale wotani?

NaPhiri_Joni
Tibwerere kunkhani, ndili ndi funso la ife a malaputopu. Yanga ilibe R, G, B, ili ndi kuwala kokha, ndiponso kumadumpha masitepe akuluakulu. Sitepe ina ikupereka 104, yotsatira 131. Pa 120 sindingaponde. Nditaika 6500K ndinaonanso timizere ta pinki ndi girini pa chithunzi cha khoma la situdiyo la mtundu wa phulusa.

Pengwini_Zomba
Achemwali, timizere timeneto ndi zomwe madala anena zija, zonse zikuchitikira pa khadi. Masikirini ambiri a malaputopu otchipa ndi a mabiti 6 ongonamizira 8, ndiye alibe masitepe otaya. Yezani kaye zoyera zake zachibadwa. Ngati zili pakati pa 6000K ndi 7000K ndipo sizinapendekere kwambiri ku girini, pa Whitepoint ikani As measured. Maso adzazolowera zoyera zimenezo, bola pasakhale sikirini ina pambali yozitsutsa. White level nayonso As measured, inu musankhe sitepe ya 104 ndi dzanja, muiloweze. Mukailamula kuti ifike pa 120 kuchokera pa 131, idzadula zoyera pa khadi, mwataya masitepe pachabe.

China, laputopu ikachoka pamagetsi imatsitsa kuwala yokha, ndipo zina zimasinthanso kusiyana kwa zoyera ndi zakuda kuti batire likhalitse. Kuno magetsi akathima ine ndimangosankha zithunzi, kukonza mitundu ndimadikira abwere.

NaPhiri_Joni
Nkhani ya magetsi musaiyambe, kunonso tinaiona. Ndiyesa As measured. Koma ikapendekera ku girini ngati yanga yakale ija?

Pengwini_Zomba
Pamenepo sankhani chokupwetekani pang'ono. Ine ndingalole timizere tochepa kusiyana ndi kupaka anthu ufiira. Kapena monita yakunja, ngakhale yakaunjika.

Wazithunzi_Ndirande
Ndabwera ndi zotsatira. Brightness yachoka pa 100 kufika pa 36. Mitundu inali 50, 50, 50, tsopano R 50, G 47, B 43. Lipoti likuti zoyera 6510K, kuwala 119.6, zakuda 0.13, ndipo ΔE, nambala yosonyeza kuphonya kwa mitundu, yapakati ndi 0.6, yaikulu 2.1 pa buluu wina wakuda. Poyamba sikirini imaoneka yakufa, yachikasu, ngati batire latha. Patapita ola ndinasiya kuziona.

Nditatsegula zithunzi za alubamu ija ndinangogwira pakamwa. Suti ija ndi mdima ndithu, ngati papepala paja. Hisitogilamu inali kundiuza kalekale, yonse yaunjikana kumanzere, koma ndinkakhulupirira maso.

Koma vuto lilipobe. Ndakonzanso zithunzi zitatu, ndakatsukitsa masana ano. Zasintha kwambiri, komabe ndikaziika pambali pa monita usiku uno zikuonekabe zakuda kuposa sikirini. Nditsitsenso?

Chosindikiza_LL
Mukuziyang'ana ndi nyali yanji?

Wazithunzi_Ndirande
Babu lomwe lija la kudenga.

Chosindikiza_LL
Ndiye mlandu si wa chithunzi. Kachipangizo kali ndi chivindikiro choyera chija, chitembenuzireni pa diso lake, mukagoneke pa desiki choyang'ana kudenga, muyeze kuwala kwa chipinda.

Pengwini_Zomba
DisplayCAL imayenda pamwamba pa ArgyllCMS, ndiye muli nayo kale iyi. Tsekani DisplayCAL kaye, mutsegule Command Prompt mu foda ya bin ya ArgyllCMS, mulembe:

```
spotread -a
```

Ikupatsani malakisi.

Wazithunzi_Ndirande
Malakisi 42 usiku. Ndinayezanso m'mawa uno makatani otsegula, 380.

Madala_Dakirumu
Apa a Chosindikiza agunda pamutu pa msomali weniweni wa nkhaniyi, ndipo masamu aja a bokosi agwiranso ntchito. Pepala limabweza mwina magawo 9 mwa 10 a kuwala. Pa malakisi 42, zoyera za pepala lanu zikutulutsa makandela 12 okha. Sikirini ikutulutsa 120. Kakhumi. Palibe chithunzi cha papepala chimene chingapikisane ndi zimenezo, ngakhale chitatsukidwa ndi angelo. Mukati muthamangitse mdima umenewo potsitsa monita, mudzafika pa Brightness 0 musanaupeze. Pa malakisi 380 a m'mawa aja pepala lomwelo likutulutsa pafupifupi 109, ndiye likuyenda limodzi ndi 120. Tengani zithunzi zitatuzo m'mawa, muziyang'ane pafupi ndi zenera koma osati padzuwa, kenako mutembenuke muyang'ane sikirini. Musaziike mbali ndi mbali, yang'anani china, kenako china.

Ndiye muli ndi zipinda ziwiri m'chipinda chimodzi, cha masana ndi cha usiku, ndipo monita singakhale yolondola m'zonse ziwiri. Kalalimita imakufikitsani pa nambala imene mwaiuza, siikusankhirani nambalayo. Poti mumagwira usiku, ine ndikanachita izi. Monita ndiitsitse pa 100, mwinanso 90, chifukwa m'chipinda chamdima 120 imanyengabe maso. Ndigule nyali ya pa desiki ya babu loyera la 5000K kapena 6500K, lolembedwa CRI 90 kapena kuposa, yoonera mapepala, ndipo ndiziisuntha kutalika mpaka papepala pakhale malakisi 300 kapena 350, kuwala kwake kusagwere pasikirini. Masana ndizitseka makatani kuti chipinda chifanane ndi usiku. Mukasintha Brightness kwambiri choncho, kalibuletaninso, poti kachipangizo mukadali nako.

Diso_Langa
Ndiye pamapeto pake mwabwerera kwa ine. Chithunzi m'manja, kuyang'ana, kutsitsa Brightness. Kalalimita yagwira ntchito yanji?

Madala_Dakirumu
Yachotsa 7300K, yawongola phulusa kuti likhale phulusa kuyambira kumdima mpaka koyera, ndipo yalemba pulofailo youza Lightroom mmene ofiira ndi girini a monita imeneyi alili. Komanso mwana akadzasewera ndi mabatani, mnzathuyu adzadziwa pobwerera. Inu mudzayambiranso kutsukitsa.

Diso_Langa
Kwathu ana sayandikira monita.

Mai_aTadala
Ndakhala ndikungowerenga. Ine ndinakalibuleta chaka chatha, kenako wina anandiuza kuti pulofailo ya monita ija ndiiike mu Photoshop pa Color Settings, pa RGB, kuti zonse zigwirizane. Chiyambireni zithunzi zanga pa mafoni a makasitomala zimaoneka zosiyana ndi kwanga. Ndinalakwitsa?

Chosindikiza_LL
Chotsani lero lomwe mayi. Pamenepo pakhale sRGB IEC61966-2.1, kapena Adobe RGB ngati mukudziwa chimene mukuchita. Pulofailo ya monita ndi ya Windows, Photoshop imakaitenga yokha kumeneko. Mukaiika ngati malo ogwirira ntchito ndiye kuti mukukonza zithunzi za monita yanu yokhayo padziko lonse. Lembani `colorcpl` pa Start muone ngati pulofailo yanu ili pa monita yoyenera ndipo ndi default. Zithunzi zimene munasunga kale ndi pulofailo imeneyo, chitani Convert to Profile kupita ku sRGB, osati Assign Profile.

Mai_aTadala
Chaka chonse! Amene anandiuzayo ndikamuona Loweruka kuukwati.

Kamwendo99
Mukamujambule ndi pulofailo yomweyo, atuluke wagirini.

Pengwini_Zomba
Kuwonjezera pa za Windows: kompyuta ikagona n'kudzuka, kapena mukatsegula gemu, nthawi zina kalibulesheni ija imagwa pa khadi osakuuzani. DisplayCAL imaika kapulogalamu kotchedwa Profile Loader pafupi ndi wotchi, kamene kamaibwezeretsa. Musakatseke. Ndipo a Ndirande, mukabweza kachipangizoko lembani manambala a mabatani aja pakapepala mumate kuseri kwa monita. Pulofailo ndi ya mabatani amenewo basi, mukasuntha limodzi yasanduka bodza.

Wazithunzi_Ndirande
Ndalemba kale. Nanga ndizibwereka kangati? Mwini wake si munthu wopempha mwezi uliwonse.

Madala_Dakirumu
Mapulogalamu amakumbutsa mwezi ndi mwezi, koma monita ya LED siithamanga choncho. Kwa ntchito yanu miyezi itatu kapena inayi ndi bwino, ndipo pakatipo yezani ndi kamera monga ananenera a Pengwini. Pa makandela 100 iyenera kumanena 1/50.

Kanthu kena kaulere: mu Lightroom, dinani kumanja pa malo ozungulira chithunzi musinthe kuchoka ku mdima kupita ku White, makamaka pomaliza chithunzi chopita kulabu. Chithunzi chozunguliridwa ndi mdima chimaoneka chowala kuposa mmene chilili. Mukachizunguliza zoyera, ngati tsamba la alubamu, nkhope yakuda imadziulula yokha.

NaPhiri_Joni
As measured yathandiza, timizere tapita, yakhala pa 6800K. Koma ndabwereka monita yakunja ya mnzanga, ndaikalibuleta pa 6800K yomweyo kuti zifanane. Malipoti onse awiri ndi abwino, koma ndikaziika pamodzi laputopu ikuoneka yagirini pang'ono, monita yapinki. Wonama ndani?

Madala_Dakirumu
Mwina palibe. 6800K ndi nambala imodzi, imangonena za chikasu ndi buluu, siinena za girini ndi pinki. Tengani x ndi y za laputopu pa lipoti, muzilembe pa Chromaticity coordinates pokalibuleta monitayo. Onaninso Correction ya iliyonse, nyali zake zikhoza kukhala zosiyana. Koma ndikuchenjezeni, ngakhale manambala atafanana mpaka kumapeto, masikirini a nyali zosiyana amatha kuonekabe mosiyana, ndipo inu ndi mnzanuyo mukhoza kutsutsana kuti yapinki ndi iti, chifukwa maso a anthu sasefa mitundu mofanana ndendende ndi munthu wa pa avereji amene kachipangizoko kamatsanzira. Ine ndinasiya kulimbana nazo. Imodzi ndi yokonzera, inayo ndi ya mafoda.

Chosindikiza_LL
Kapena muisunthe yachiwiriyo ndi maso mpaka ifanane ndi yoyamba, kenako As measured. Ife timatero.

Diso_Langa
Ndi maso. Mwamva nonse.

Wazithunzi_Ndirande
Malipoti omaliza ndisanabweze katundu wa eni. Ndakalibuletanso pa 6500K, makandela 100, Brightness yafika pa 28. Nyali ya pa desiki ndagula, babu la CRI 90 sindinalipeze, ndaika loyera wamba kaye. Zithunzi zitatu zija pafupi ndi zenera zili bwino, suti ikuoneka makwinya ake. Koma chimodzi, cha mkwatibwi ali panja pa kapinga, nkhope yabwera yofiirira kuposa pasikirini, pomwe ziwiri za m'tchalitchi zafanana.

Chosindikiza_LL
Chimodzi chokha? Ndiye si monita. Makina a kulabu ali ndi chokonza chokha, chikaona girini wambiri chimathira ufiira kuti chilinganize. Mukapita muwauze azimitse zokonza zonse, atulutse failo mmene ilili. Ndipo mufunse ngati ali ndi pulofailo ya pepala lawo, muziyesera pa Soft Proofing. Mukatero mudzaona nokha kuti 5800K ija ndimanena zoona.

Madala_Dakirumu
Za kuzimitsa zokonza ndagwirizana nazo. Za 5800K achite kaye maalubamu awiri pa 6500K.

Wazithunzi_Ndirande
Ndipita Lolemba ndi chithunzi chomwecho cha pa kapinga, atulutse kawiri, china chokonza china chosakonza. Mtsikana wa pakauntala ndinamufunsa za pulofailo ya pepala tsiku lija, anandipatsa mndandanda wa mitengo.